Boma Likalowa pa Mzele wa Nkhongole, Ise Titsala Kumbuyo

Mlamu wanga ni wowochelela zitsulo kuno ku Kafue. Ali na kashopu kake m'mbali mwa msewu, kumene apangila mafulemu a zitseko na mawindo, mageti na mbaula. Mu 2020, malaiti atayamba kuzima maola ambili pa tsiku, anaganiza zobweleka K100,000 ku banki kuti agule jeneleta na kuonjezela zitsulo. Anavala jekete, natenga buku lake la maoda na mapepala a nyumba, n'kupita. Kumeneko anamulandila bwino, koma funso loyamba linali lakuti, "Muli na peyisilipu?" Atakamba kuti alibe cifukwa adzilemba yekha nchito, anamuuza kuti abweletse taitolo ya nyumba, ndipo ngati zonse zayenda, ciwongoladzanja cidzapitilila 30 pelesenti pa caka.

Madzulo ake anafika kwathu atakhumudwa. "Mlamu," anatelo, "nakhala nisungitsa ndalama ku banki ija zaka naini. Manje nikafuna kubweleka, anipenya monga kawalala. Nanga ndalama zathu zija apeleka kwa ndani?"

Funso limeneli nalisunga mpaka lelo, cifukwa yankho lake lili mu bajeti imene nduna ya zacuma iwelenga ku Nyumba ya Malamulo caka ciliconse, ija ambili a ife tiimva pa wailesi tili pa nchito zina. Ndalama zambili zimene mlamu anali kufunsa zinabwelekedwa na Boma.

Tiyambe na mau akuti difisiti, amene aphunzi a zacuma akonda kuchula. M'Cinyanja cathu ni kupelewela kwa bajeti. Boma lili na ndalama zolowa, zimene zambili ni misonkho yotoledwa na ZRA, ndipo lili na zogwilitsila nchito: malipilo a aphunzitsi, manesi na apolisi, mankhwala, feteleza wa FISP, misewu, na ciwongoladzanja ca nkhongole zakale. Zotuluka zikaposa zolowa pa caka cimodzi, kusiyana kumeneko ndiye difisiti.

Anthu ambili asokoneza difisiti na nkhongole, koma ni zinthu ziwili. Ganizani za banja limene lilandila K4,000 pa mwezi koma lidya K5,000. K1,000 yopelewelayo ndiye difisiti ya mwezi umenewo. Apita kukatenga shuga na saladi pa kantemba, mwini kantemba nalemba m'buku. Zonse zolembedwa m'buku lija kucokela kale ndiye nkhongole. Difisiti ya mwezi uno ikacepa kufika pa K500, buku silinacepe ai, langoyamba kukula pang'onopang'ono. Conco mukamva nduna ikuti difisiti yatsika, musaombe m'manja poganiza kuti nkhongole yatha.

Tione manambala enieni. Bajeti ya 2024, imene a Situmbeko Musokotwane anawelenga mu Sepitembala 2023, inali ya K177.9 biliyoni. Misonkho na ndalama zina zimene Boma linayembekezela kutolela m'dziko zinali K141.1 biliyoni, ndipo thandizo la maiko ena linali K3.4 biliyoni. Panatsala dzenje la pafupifupi K33 biliyoni lofunika kubweleka. Kunena mosavuta, pa K100 iliyonse imene Boma linakonza kugwilitsila nchito, K79 inali ya m'thumba mwake, K2 yopatsidwa, ndipo K19 inali ya nkhongole. Pa yobwelekayo, pafupifupi theka, K16 biliyoni, linafunika kupezeka muno m'dziko.

Dzenje lotele litsekedwa m'njila zocepa cabe. Boma lingabweleke kunja, monga mmene tinacitila na Mayulobondi atatu aja: 750 miliyoni ya madola mu 2012, biliyoni imodzi mu 2014, na 1.25 biliyoni mu 2015. Lingapemphe Bank of Zambia kuti ipange ndalama zatsopano, koma zimenezo zikweza mitengo pa msika, ndipo a zaka za m'ma 1990 akumbukila mmene kwacha inasandukila pepala. Lingaleke kulipila amene alipelekela katundu, nkhani imene tibwelelako. Kapena lingabweleke kwa ise tomwe, kupitila m'mabanki, m'mabungwe a penshoni monga NAPSA, na m'makampani a inshuwalansi.

Kubweleka kwa m'dziko kumeneku kucitika poyela. Pa milungu iwili iliyonse Bank of Zambia icititsa okushoni ya mapepala a nkhongole ya Boma a nthawi yaifupi, ochedwa tilezhale bilu, a masiku 91, 182, 273 na 364. Palinso mabondi, amene ni a zaka, kuyambila ziwili mpaka 15. Bilu igulidwa pa mtengo wocepelapo kuposa umene walembedwapo. Mwacitsanzo, banki ipeleka K80,000 lelo, ndipo pakatha masiku 364 Boma liibwezela K100,000. K20,000 ya pamwambayo ni 25 pelesenti ya zimene banki inapeleka. Boma likafuna ndalama zocepa ndipo ofuna kulibwelekesa ni ambili, phindu limeneli litsika. Likafuna zambili mwamsangamsanga, liyenela kuvomela kulipila zambili.

Amene anagulako nsomba ku mtsinje wa Kafue m'mamawa adziwa bwino za cinthu ici. Asodzi akafika na mabwato, azimai a mabeseni ayamba kukambilana mtengo. Ndiyeno pafika munthu wa galimoto wocokela ku Lusaka, wofuna kudzaza madilamu, amene sakangana pa mtengo. Nsomba za tsiku limenelo sizinaculuke cifukwa iye wabwela. Atenga zabwino zonse, mtengo ukwela, ndipo amai a beseni abwelela na tunsomba tocepa todula, ena na beseni lopanda kanthu. Palibe amene wawathamangitsa. Msodzi wangogulitsa kwa wolipila bwino. Ndalama zimene anthu a Zambia tisungitsa m'mabanki zili ngati nsomba za tsiku limenelo, ndipo wa galimoto ni Boma.

Tsopano tikhale pa mpando wa manija wa banki, tili na K100,000 m'manja, m'caka cija mlamu anapitako. Kumapeto kwa 2019 na mu 2020, bilu ya masiku 364 inali kupeleka ca m'ma 25 pelesenti, nthawi zina kuposelapo, ndipo mabondi ena anapitilila 30 pelesenti. Manija akagula bilu, apeza K25,000 pa caka atakhala mu ofesi. Safunika kutuma munthu kukaona shopu, safuna loya, sadzagulitsa nyumba ya munthu. Boma lingacedwe pa zina, koma pa mapepala a kwacha amenewa lakhala likulipila.

Akabwelekesa mlamu, pali zoonjezela. Manambala otsatilawa ni anga ongoyelekezela, koma kawelengedwe kake ni komweko. Tinene kuti kufufuza shopu, kulemba mapepala a cikole na kulondola malipilo mwezi na mwezi kudya K4,000, imene ni 4 pelesenti. Tinenenso kuti pa amisili 20 obweleka, mmodzi alephela kubweza, conco 5 pelesenti iyenela kuikidwa pambali yokwilila dzenje limenelo. Kuti manija apeze zofanana na 25 pelesenti ya Boma ija, afunika kulipilitsa mlamu 34 pelesenti, ndipo apo sanaikepo phindu lililonse la pamwamba. Mtengo umene Boma lilipila ukhala ngati pansi pa nyumba: wina aliyense ayambila pamenepo kukwela.

Tibwele kwa mlamu. Pa fulemu imodzi ya citseko, akacotsa zitsulo, malodi, penti na mnyamata womuthandiza, atsala na K150. Akabweleka K100,000 pa 35 pelesenti, n'kubweza zonse kumapeto kwa caka, ciwongoladzanja ni K35,000. Ndiye kuti mafulemu 233 pa caka, pafupifupi 20 mwezi uliwonse, awochelela banki cabe, asanayambe kubweza K100,000 yeniyeniyo ndipo ana asanadye. Ciwongoladzanja cikanakhala 15 pelesenti, akanafunika mafulemu 100, kapena 8 kapena 9 pa mwezi, zimene angakwanitse. Jeneleta ni imodzimodzi, msili ni mmodzimodzi, makasitoma ni omwewo. Cimene casintha ni mtengo wa ndalama. Mlamu anawelengela pa cikatoni, nabweza jekete mu wadilopu.

Uku ndiye kukankhidwila kunja kumene akatswili akamba. Kucitika m'njila ziwili. Yoyamba ni mtengo, monga taonela: nkhongole ilipo koma siigwilika. Yaciwili ni kusankha. Banki ikakhala na kasitoma wamkulu wosavuta, ileka kudzivutitsa na ang'onoang'ono. Ibwelekesa makampani akuluakulu na anthu a peyisilipu, maka ogwila nchito m'Boma, amene ndalama zidulidwa pa malipilo zisanafike m'manja. Ndiye cifukwa cake mphunzitsi angapeze loni yogulila mipando m'masiku ocepa, pamene msili wolemba nchito anyamata atatu abwezedwa pa khomo. Wobwezedwayo athela ku cilimba, kumene ndalama ni zocepa, kapena kwa a kaloba, amene ciwongoladzanja cao ciwelengedwa pa mwezi.

Caka ca 2020 cinali coipa mwapadela, ndipo cifukwa cake cidziwika. Bajeti ya caka cimeneco inakonza kuti difisiti ikhale 5.5 pelesenti ya cuma conse cimene dziko lipanga pa caka. Kolona inabwela, misonkho inavuta, ndalama zotuluka zinakwela, ndipo difisiti inathela pa kuposa kawili zimene zinakonzedwa. Nthawi yomweyo khomo la kunja linali kutsekeka. Mu Novembala 2020 Zambia inalephela kulipila 42.5 miliyoni ya madola ya ciwongoladzanja ca Yulobondi, n'kukhala dziko loyamba mu Afilika kulephela motelo m'nthawi ya mlili. Munthu amene anansi akutali aleka kumukongoza atembenukila kwa a m'nyumba. Boma linatsamila pa msika wa m'dziko na thupi lonse.

Onani codabwitsa ca nthawi imeneyo. Mu Ogasiti 2020 Bank of Zambia inatsitsa ciwongoladzanja cake cotsogolela kufika pa 8 pelesenti, kuti nkhongole zichipe. Koma amene anapita ku banki anapezabe mitengo ya ca m'ma 25 pelesenti kapena kuposa. Banki yaikulu inali kukokela pansi, pamene njala ya Boma ya ndalama inali kukokela pamwamba, ndipo mabanki anatsatila kumene kunali phindu.

Palinso msampha wina. Ciwongoladzanja cimene Boma lilonjeza lelo cikhala cotuluka ca bajeti ya mawa. Likabweleka K10 biliyoni pa 25 pelesenti, caka camawa lifunika K2.5 biliyoni ya ciwongoladzanja cabe, ndalama zosagula ngakhale panado mmodzi. Misonkho ikapanda kukwela, dzenje likula, ndipo Boma libwelela ku okushoni kukabweleka zolipila zimene linabweleka kale. Aliyense amene analowapo m'kaloba kuti atseke kaloba wina adziwa kumene njila imeneyi ithela.

Ninalonjeza kubwelela ku nkhani ya osalipilidwa. Boma kapena bungwe lake likalandila katundu koma osalipila miyezi na miyezi, labwelekanso, koma mosapempha ndipo kambili mopanda ciwongoladzanja. Kontilakita amene anamanga kalasi, mai amene anapelekela nyemba na kapenta, onse asanduka banki ya Boma mosafuna. Ambili a iwo anagula katunduyo na ndalama za banki. Akalephela kubweza, banki iwalemba pa gulu la osabweza, ndipo 5 pelesenti ija tinaika pambali ikwela kufika 8 kapena 10. Mawa msili wina wosalakwa akabwela, alipila mlandu umene sanapalamule. Mlamu nayenso anapangilako kontilakita wina mawindo, ndipo kwa miyezi yambili yankho linali limodzi: "Ise naise sitinalipilidwe, bwana."

Koma nisaname kuti zonse ni mlandu wa difisiti. Cisankho ca Ogasiti 2021 citapita, kwacha inalimba, anthu akunja anayamba kugula mabondi athu, ndipo phindu la mabilu linatsika kwambili. Mu Ogasiti 2022 bungwe la IMF linavomeleza pulogilamu ya 1.3 biliyoni ya madola, ndipo mu Juni 2023 maiko otikongoza anavomela kukonzanso nkhongole ya 6.3 biliyoni ya madola. Difisiti inacepa. Ngakhale n'telo, ciwongoladzanja ca m'mabanki cinakakamila ca m'ma 25 pelesenti. Wa galimoto anacepetsako madilamu, koma mtengo wa nsomba sunatsike mofanana.

Zifukwa zake zilipo. Mitengo ya zinthu ikakwela mofulumila, monga pakati pa 2021 pamene inali kukwela na 24.6 pelesenti pa caka, wobwelekesa aopa kuti ndalama idzabwela itatha mphamvu, conco aikilatu zambili. Bank of Zambia nayo nthawi zina imanga ndalama dala kuti iteteze kwacha: mu Febuluwale 2024 inalamula kuti pa K100 iliyonse yosungitsidwa, mabanki aziika K26 ku banki yaikulu, imene sangabwelekese munthu. Ndiyeno pali za ise tomwe. Nyumba zambili m'makomboni zilibe taitolo, mabizinesi ambili alibe mabuku, ndipo mlandu wa nkhongole ucedwa ku khoti. Difisiti ikatsika, khomo la banki silitseguka lokha. Koma ikakwela ndipo khomo la kunja n'lotseka, la banki litsekeka ndithu.

Sinikambanso kuti Boma lisabweleke konse. Mu 2024, cilala citawononga cimanga ndipo madzi atacepa ku Kariba, a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ni tsoka la dziko lonse, ndipo panafunika ndalama zimene bajeti sinakonzele. Palibe munthu wanzelu angati anthu agone na njala kuti difisiti ioneke bwino pa pepala. Nkhongole yomangila malo opangila malaiti kapena mlatho ingathandize ngakhale mlamu, cifukwa malaiti akamayaka jeneleta saifunanso. Ndipo mapepala a Boma apatsa phindu osunga ndalama: penshoni ya NAPSA ikula nao, ndipo munthu wamba angagule kuyambila pa K1,000 kupitila ku banki yake. Funso lofunika ni lakuti tibweleka zingati, kwa ndani, pa mtengo wanji, ndipo tigula nazo ciani. Kubweleka pa 25 pelesenti kuti tilipile maalawansi na mafuta a magalimoto ni kudya mbeu.

Nanga munthu wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Kompaundi angadziwe bwanji kuti kukankhana kwayamba? Sipafunika digili. Bajeti ikamawelengedwa, ambili timvetsela za msonkho wa pa malipilo na CDF, n'kuzima wailesi. Yembekezani pang'ono mumve nambala ya kubweleka kwa m'dziko. Pa bajeti ya 2024 Boma linadziikila malile akuti isapitilile 2.5 pelesenti ya cuma ca dziko. Nambala imeneyo ilembeni, ndipo pakati pa caka, bajeti yoonjezela ikabwela, muone ngati malilewo akali pomwepo.

Ciwili, zotsatila za okushoni zilengezedwa na Bank of Zambia. Zionetsa ndalama zimene Boma linafuna, zimene anthu anapeleka, zimene linatenga, na phindu lake. Penyani bilu ya masiku 364, muiyelekezele na ciwongoladzanja cimene banki yanu ikuuzani. Mukaona bilu ikwela okushoni na okushoni mpaka kuyandikila mtengo wa banki, dziwani kuti wa galimoto wafika pa doko, ndipo si nthawi yabwino yosainila loni imene ciwongoladzanja cake cisintha. Musanasaine, funsani kuti, "Kodi mtengo uyu ni wokhazikika, kapena uzakwela?" Funsaninso kuti pamodzi na mafizi onse mudzabweza zingati m'makwacha, osati m'mapelesenti.

Citatu, mvetselani amene apelekela Boma katundu. Akayamba kudandaula m'mabasi na pa malilo kuti papita miyezi isanu na umodzi osalipilidwa, ndiye kuti dzenje la bajeti ni lalikulu kuposa limene lalembedwa.

Kwa aphungu athu nili na pempho limodzi. Lamulo loyendetsela nkhongole za Boma la 2022 lipatsa Nyumba ya Malamulo mphamvu yovomeleza pulani ya kubweleka ya caka ciliconse. Pulani imeneyo isamadutse ngati pemphelo lotsekela msonkhano. Timakondwa phungu akaimilila kupempha msewu, msika na cipatala, ndipo ifenso timaombela m'manja. Koma aliyense wopempha azinenanso kumene ndalama zidzacokela. Ngati yankho ni okushoni ya Bank of Zambia, adziwe kuti mtengo wake udzagwela amisili na amalonda a m'dela lake lomwelo. Tauni ino inakula na mafakitale, Nitrogen Chemicals na Kafue Textiles, ndipo nchito za kumeneko zitacepa anthu anadzipangila zao: kuwochelela, kuumba mabuloko, kuweta nkhuku, kugulitsa nsomba. Amenewa ndiwo alemba ana athu nchito masiku ano, ndipo ndiwo ayamba kutsala ndalama zikadula.

Mlamu jeneleta anaigula, koma patapita zaka ziwili, yogwilapo kale nchito, na ndalama za cilimba na za mbuzi zimene anagulitsa kumudzi. M'zaka ziwilizo oda ya mageti a sukulu ina inamudutsa cifukwa sakanakwanitsa kumaliza pa nthawi, ndipo mnyamata mmodzi anamuuza kuti ayambe wakhala ku nyumba. Zimenezi sizilembedwa mu bajeti iliyonse. Tsiku lina n'tamufotokozela za mabilu, anakhala cete, kenako anaseka. "Ndiye kuti ndalama zanga n'nabwelekesa Boma osadziwa, ine n'kutsala nilibe?" N'namuyankha kuti ni mmenemo. "Basi," anatelo, "caka cino bajeti nizamvela mpaka kotsiliza." Wailesi yake ili pa shelefu pafupi na gilainda, ndipo wanilonjeza kuti tsiku limenelo gilainda idzapumula.